Kamwedwe ka mapiritsi a chithokomiro: yankho kwa mayi amene angoyamba kumene

"Anamwino, sabata yatha kuchipatala anandiuza kuti chithokomiro changa chafooka, ndiye anandipatsa levothyroxine wa mayikirogalamu 50. Ndikumwanso mapiritsi owonjezera magazi. Onse ndimamwera limodzi ndi phala la likuni m'mawa. Ndikuchita bwino? Mpaka pano sindikumva kusintha."

Mayi,

Chonde, kuyambira mawa zitatuzi muzisiyanitse. Piritsi la chithokomiro limafuna m'mimba mopanda kanthu. Likakumana ndi chakudya, gawo lina la mankhwalawo sililowa m'magazi, limangodutsa. Soya wa mu likuni amatchinga kwambiri, chimodzimodzi mkaka wa mu tiyi ndi khofi. Koma chimene chandidetsa nkhawa ndi mapiritsi a magaziwo: ayironi amamatirira mankhwalawa m'matumbo, moti munthu amatha kumwa mokhulupirika miyezi ingapo koma thupi likulandira ochepa.

Tiyerekeze kuti mumadzuka 5 koloko. Musanakoleze mbaula, mezani piritsi ndi madzi okha, kapu yodzaza. Sesani, sambani, phikani. Pakadutsa mphindi 30, makamaka ola lathunthu ngati n'kotheka, imwani phala lanu. Mapiritsi a magazi adikire maola 4, ndiye nthawi ya nsima ya masana ndi yabwino. Maola 4 omwewo muwasungenso pa mapiritsi a kashiamu ndi mankhwala a kutentha pamtima, monga aja a maginiziyamu otafuna. Ngati m'mawa simungathe kudikira, kambiranani ndi adokotala zoti muzimwa pogona, patadutsa maola 3 kapena 4 mutadya. Mukasankha nthawi, ikhale yomweyo tsiku lililonse.

Zoti simukumva kusintha zisakufooketseni. Mankhwalawa amachuluka m'thupi pang'onopang'ono; kutopa, kuzizidwa ndi kudzimbidwa zimayamba kuchepa pakapita masabata angapo. N'chifukwa chake magazi a TSH, oonera ngati mahomoni a chithokomiro akukwanira m'thupi, timayezanso pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo zotsatirazo ndi zimene zimatiuza ngati 50 akukwana. Mukapita, kawauzeni adokotala kuti poyamba munkamwera limodzi ndi ayironi, komanso tsiku limene mwasintha. Musawonjezere mlingo nokha. Akachuluka mudzaona mtima ukugunda mothamanga, manja akunjenjemera, thukuta losatha ndi kusowa tulo. Zikatero bwererani kuchipatala msanga. Pachifuwa pakapweteka, pitani nthawi yomweyo.

Mukaiwala, imwani mukangokumbukira tsiku lomwelo. Mukakumbukira kutacha kale, imwani limodzi la tsikulo basi. Sungani mapiritsi m'paketi mwake, pouma, kutali ndi dzuwa ndi moto wa kukhitchini.

Kwa ambiri mankhwalawa ndi a moyo wonse, choncho mukayamba kupeza bwino musasiye, ndipo katengeni ena asanathe. Ngati mudzakhale ndi pakati, pitirizani kumwa ndipo kanenenitu kuchipatala mukangozindikira, chifukwa mwana amadalira mankhwala omwewa ndipo nthawi zambiri mlingo umafunika kukwezedwa.

Ndine wanu,
Namwino