Khadi yogulira zinthu yachepa ndalama, ashopu akuti sisitimu sinama

"Aloya ndithandizeni. Achimwene anga omwe amagwira ntchito ku Lilongwe anandigulira khadi yamphatso ya K150,000 ya shopu ina yaikulu yomwe ili ndi nthambi kuno ku Kasungu. Ulendo woyamba ndinagula za K44,000, tsiku limenelo netiweki inkavuta moti kashiya anachita kubwereza. Dzulo ndapita ndatenga katundu wa K90,000 pa tilu yakana, akuti mwatsala K62,000 yokha. Manejala akuti sisitimu sinama palibe chomwe angachite. Ndinabweza katundu anthu akundiyang'ana. Ndipite ku polisi kapena nditani?"

Mayi, ku polisi dikirani kaye, tiyambe ndi samu chifukwa nkhani yanu yadziulula yokha pamanambalapo. K150,000 kuchotsa K44,000 pamayenera kutsala K106,000. Iwo akuti K62,000. Ndiye yasowa ndi zingati? K44,000, ndendende ndalama yomwe munagulira ulendo woyamba uja. Ine ndikaona ndalama yosowa ikufanana chonchi ndi yomwe munthu anagulira sindithamangira kuganiza za wakuba, ndimaganiza zoti khadi inadulidwa kawiri pa katundu mmodzi. Zimachitika chonchi: kashiya wadutsitsa khadi, uthenga wapita ku kompyuta yaikulu ya kulikulu kwawo, kumeneko ndalama yachotsedwa, koma yankho pobwerera netiweki yaduka ndiye tilu ikuonetsa ngati zakanika, iye nkubwerezanso, ulendo wachiwiri zatheka lisiti yatuluka imodzi koma kulikulu achotsa kawiri. Nthawi zina yoyambayo imabwerera yokha, nthawi zina imangokhala choncho mpaka munthu atadandaula. Sindikunena kuti ndi zimenezi basi, sindinaone mabuku awo, koma ndi poyambira pabwino kwambiri.

Kumbali ya malamulo, khadi imeneyo musamaione ngati chifundo cha ashopu. Achimwene anu anapereka ndalama yeniyeni, shopu inalandira nkulonjeza kuti wobwera ndi khadiyi adzatenga katundu wokwana ndalama imeneyo. Umenewo ndi mgwirizano, ndipo mpaka mutatenga katundu wa K150,000 yense shopu ili nanu ngongole. Tsono wangongole sangangonena kuti kompyuta yanga ikuti ndinabweza kale nkhani nkuthera pomwepo. Inu mbali yanu ndi kuonetsa kuti mu khadi munalowa K150,000, iwo ngati akuti ndalama ina inagwira ntchito akuyenera kuloza kuti inagula chiyani, liti, pa tilu iti. Mawu oti sisitimu sinama si umboni, umboni ndi zomwe zalembedwa mu sisitimumo, ndipo zimenezo ndi zomwe muzikafuna.

Ndiye mukabwererako musakakangane za balansi, kafunseni sitetimenti ya khadiyo, ndiye kuti mndandanda wa chilichonse chomwe chachitika pa nambala ya khadi imeneyo kuyambira tsiku lomwe anaikamo ndalama. Khadi yokha sisunga ndalama, ndi nambala chabe, ndalama imalembedwa ku kompyuta yawo ndipo mzere uliwonse umakhala ndi tsiku, nthawi ndi nthambi. Ngati ndikuganiza bwino mudzaona K44,000 iwiri yotsatizana tsiku limodzi, yosiyana mwina mphindi imodzi kapena ziwiri, pomwe lisiti ya katundu ndi imodzi. Apo nkhani yatha, palibenso chokambirana. Amanejala a pa nthambi nthawi zambiri alibe mphamvu yobwezera ndalama mu khadi, mwina nkutheka kuti ponena kuti palibe chomwe angachite amatanthauza iwowo pawokha, koma kutumiza dandaulo kulikulu angathe ndipo ndi ntchito yawo.

Musanapite konzani mapepala. Lisiti ya K44,000 ija ijambuleni pa foni lero lomwe ndipo muchititse fotokope, mapepala a pa tilu aja inki yake imafufutika, mukaisunga mu kachikwama kapena pa dzuwa la Kasungu lino pakatha miyezi ingapo mudzapeza kapepala koyera mbee. Achimwene nawo afufuze lisiti yomwe anagulira khadi, ngati anataya koma analipira pa foni kapena kudzera ku banki meseji ija ndi yokwanira kuyambira, malamulo athu kuchokera pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 amalola mauthenga otere kukhala umboni. Khadi muijambule mbali zonse ziwiri makamaka kumbuyo komwe kuli timalemba ting'onoting'ono. Ndipo chonde khadi yeniyeniyo ndi lisiti yeniyeniyo musasiye kwa munthu ati tikaonere kuofesi mubwere mawa, apatseni fotokope. Ndaonapo anthu atapereka umboni wawo wonse kwa yemwe akukangana naye, pobwera mawa lake amene analandira uja ali pa holide.

Kenako lembani kalata, pakamwa pokha sizikwanira. Sikufunika chingerezi chozama kapena loya, tsamba limodzi basi: nambala ya khadi, tsiku lomwe inagulidwa ndi ndalama yake, tsiku lomwe munagula za K44,000 ndi zoti makina anabwerezedwa, tsiku lomwe inakanidwa ndi balansi yomwe anakuuzani. Pomaliza munene zomwe mukufuna, sitetimenti ya khadi komanso kubwezeredwa K44,000 pasanathe masiku 14, apo ayi mupita nayo patsogolo. Masiku 14 amenewa si lamulo, ndi chizolowezi chabe chosonyeza kuti munawapatsa mpata wokwanira. Muonjezere mzere umodzi wopempha kuti asunge zomwe makamera a pa tilu anajambula tsiku lija, chifukwa makamera amafufuta zakale okha pakapita nthawi, ndiye uku nkofunika changu. Makalata akhale awiri, imodzi asiyireni, inayo akudindireni sitampu kapena asayine ndi kulemba tsiku, mubwerere nayo kunyumba. Akakana kusayina mulembe nokha tsiku, nthawi ndi udindo wa amene wakana, ndipo mukhale mutapita ndi munthu woti adzachitire umboni.

Pali kamsampha kamodzi komwe anthu ambiri sakadziwa. Amene anapereka ndalama ku shopu si inu, ndi achimwene, ndiye kampani yochenjera itha kunena kuti ife mgwirizano tinapanga ndi wogula khadi, mayiwa sitikuwadziwa. Pa khadi yamphatso mfundo imeneyi ndi yofooka poti cholinga chake chenicheni ndi choti ikagwiritsidwe ntchito ndi munthu wina, koma bwanji kuwapatsa pothawira? Achimwene asayine nawo kalatayo, kapena alembe kakalata kawo koti khadi nambala yakuti ndinagula ine ndipo ndinapereka kwa mlongo wanga. Nkhani ikadzafika ku khoti ndi bwino onse awiri mudzakhale odandaula.

Akapanda kuyankha kapena akakana, pitani ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ambiri amangoti CFTC, likulu lawo lili ku Lilongwe ndipo kudandaula kumeneko nkwaulere, mutha kutumiza kalata ndi mafotokope osachita kukwera basi. Ndi bungwe la boma loona kuti ochita malonda asapondereze ogula, ndipo lamulo latsopano la 2024 lomwe linalowa m'malo mwa la 1998 linawapatsa mphamvu zolamula kampani kubweza ndalama komanso kuilipiritsa chindapusa. Kulandira ndalama ya munthu nkukana kupereka katundu wake, osafuna ngakhale kufufuza, ndi mtundu wa nkhani zomwe amazimva. Kunena zoona pa ndalama ngati iyi ine ndimakonda njira imeneyi kuposa khoti, makampani akuluakulu akalandira kalata yochokera kumeneko amayankha msanga kusiyana ndi kalata ya inu ndi ine. Kulinso a CAMA, bungwe loyankhulira ogula, iwo angakuthandizeni kukankha koma sangalamule shopu.

Khoti ndi yomaliza. Nkhani ya K44,000 ndi ya khoti ya majisitireti pa boma pomwepo, pali ndondomeko ya milandu ya ndalama zochepa yomwe munthu amayendetsa yekha opanda loya, mumapita kwa kalaliki wa khoti ndi mapepala anu, mumalipira kandalama kotsegulira mlandu, samani nkupita ku shopu. Chofunika kusamala ndi dzina la amene mukumusumira. Osasumira kashiya kapena manejala, iwo ndi antchito chabe, sumirani kampani, ndipo dzina lake lenileni nthawi zambiri limakhala pamwamba pa lisiti, nthawi zina limasiyana ndi lomwe lalembedwa pa chikwangwani panja. Lamulo limapereka zaka 6 pa milandu ya mgwirizano koma musatengere pamenepo, khadi zambiri zimakhala ndi tsiku lothera ntchito ndipo umboni sudikira zaka. Za manyazi a pa tilu aja ndikumvetsa zinawawa, koma ndisakunamizeni kuti mudzapatsidwa chipukuta misozi chambiri, pa mlandu wa mgwirizano khoti kwenikweni limabweza zomwe mwataya ndipo mwina ndi ndalama zomwe mwawononga poyendetsa mlandu.

Nanga sitetimenti ikaonetsa zina? Ikaonetsa kuti poyamba pomwe mu khadi munalowa K106,000 osati K150,000 ndiye vuto lili komwe achimwene anagulira, lisiti yawo ndi imene idzayankhule. Ikaonetsa kuti K44,000 inayo inagula katundu wina tsiku lina, kapena ku nthambi ina inu muli ku Kasungu khadi ili m'chikwama, apo ndiye polisi ikulowa chifukwa kumeneko ndi kuba, kaya wina anakopera nambala kaya ndi wantchito wawo. Koma musanaloze chala munthu yambani mwafunsa pakhomo panu, khadi zimenezi amalandira kwa aliyense amene waigwira, ndipo ngati mwana kapena mlamu anaitenga nkukagula nkuibweza mwakachetechete shopu ilibe mlandu. Pakali pano kupita ku polisi ndi zomwe muli nazo adzangokuuzani kuti ndi nkhani ya ngongole pitani ku khoti.

Za K62,000 yotsalayo muli ndi ufulu kuigwiritsa ntchito ndipo sindikuona chifukwa choisungira mitengo ikukwera chonchi, kungoti musanagule auzeni akutulutsireni kapepala ka balansi koonetsa K62,000 ndi tsiku, ndipo lisiti iliyonse kuyambira pano muzisunga. Akavomera kulakwa mwina adzakuuzani kuti kashi sapereka abwezera mu khadi momwemo, zimenezo nzovomerezeka ngati ndi zomwe zalembedwa kumbuyo kwa khadi, bola muonetsetse kuti tsiku lothera ntchito silili pafupi, ngati lili pafupi alembe kuti aonjezera masiku omwe anakuchedwetsani. Ndipo pepala lililonse lonena kuti nkhani yatha musasayine mpaka mutaona ndi maso anu pa tilu kuti K44,000 yalowadi.