Chipinda cha lendi ku Luwinga: uthenga woyamba ukhale ndi chiyani?

"Achimwene, ndaona pa WhatsApp chipinda cha lendi ku Luwinga, K60,000 pamwezi. Ndili ku Zomba, ntchito ndiyamba ku Mzuzu mwezi wamawa. Ndiwafunse chiyani mu uthenga woyamba kuti ndisawononge ya thiransipoti pachabe?"

Achemwali, yambani ndi kudziwa amene mukulankhula naye. Kodi ndi alandilodi enieni, kapena ndi dobadoba? Akakhala dobadoba, anene msanga kuti yake ndi zingati, komanso ngati amalipiritsa kungokuonetsani khomo. Kenako funsani kuti polowa mulipira miyezi ingati, poti ambiri amafuna itatu pakamodzi. Ikatero, K60,000 ija yasanduka K180,000 musanagule ndi tsache lomwe. Ndipo musatumize kalikonse pa Mpamba kapena Airtel Money chipinda musanachione, kaya inu kaya mbale wanu.

Koma pamene pamayambanitsa anthu pa mpanda ndi pa mita. Mukafunsa kuti "magetsi alipo?" adzati alipo, basi nkhani yatha. Funsani chonchi: mita ya ESCOM ndi ya chipinda changa chokha, kapena ndi imodzi ya mpanda wonse? Ngati ndi imodzi, makomo ndi angati, amagula mayunitsi ndani, ndipo mumagawana motani? Tiyerekeze kuti makomo ndi anayi ndipo aliyense amasonkha K10,000. Inu muli ndi babu limodzi ndi tchaja, mnzanu ali ndi firiji, ayironi, ndiponso amaphika nyemba pa hotipuleti. Mayunitsi akatha pa 18, adzagogoda pakhomo panu kuti musonkhenso mofanana. Akakuyankhani kuti "timangomvana", dziwani kuti palibe dongosolo.

Madzi chimodzimodzi. Mpope wa Northern Region Water Board uli mumpanda momwemo, kapena mudzakatunga ku kiyosiki? Ndalama yake ili mu lendi kapena ndi yapadera? Funsaninso ngati pali ngongole yakale, chifukwa mpope akadula, sasankha kuti uyu wangolowa kumene.

Za malamulo a pakhomo musachite nazo manyazi. Geti amatseka nthawi yanji, ndipo mudzakhala ndi kiyi yanuyanu? Ngati ntchito yanu ndi yoweruka usiku, funso limeneli ndi lalikulu kuposa mtundu wa penti. Mlendo angagone? Mbaula mungayatsire pakhonde? Chimbudzi ndi bafa ndi za anthu angati, amakolopa ndani? Alandilodi akamakhala mumpanda womwewo, malamulo amakhala olimba, koma zoonongeka zimakonzedwa msanga. Ine ndimakonda zotero, ena amadana nazo.

Zonsezi muzilembe mwaulemu, moyamba ndi moni, ndipo mupemphe kuti ayankhe polemba kuti musunge. Onjezani kuti akujambulireni kavidiyo ka denga ndi m'munsi mwa makoma. Mvula ya ku Mzuzu si yamasewera, ndipo chipinda chodontha kapena chonyowa chimadziwika ndi madontho akuda a nkhungu m'makona.