Invoisi yochokera kunja ilibe VAT, nanga bwanji akuti tili ndi ngongole ku MRA?

"Zikomo bambo. Ndimasunga mabuku a ndalama pakampani yosindikiza mabuku ku Area 4 kuno ku Lilongwe. Tinalemba ntchito kampani ya ku Johannesburg kuti itiikire pulogalamu yowerengera ndalama pakompyuta, ndipo anagwira ntchito yonse ali kwawo komweko. Invoisi yawo inali ya madola 10,000, yopanda VAT, ndipo tinalipira. Pano odita akuti tinayenera kupereka VAT tokha. Zoona zimenezi? Msonkho wake uti poti sanatilipiritse?"

Mayi, odita wanuyo akunena zoona. Koma mtima ukhale m'malo, chifukwa kwa kampani ngati yanu ndalama imeneyi nthawi zambiri imabwerera. Chomwe chimapweteka ndi chilango cha kuchedwa.

Tiyambire pa katundu, poti ndiye tonse tinazolowera. Mukaitanitsa makina osindikizira kuchokera kunja, amadzera pachipata cha Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, ndipo a kasitomu samawatulutsa mpaka msonkho wonse, kuphatikizapo VAT, utaperekedwa. Ntchito ilibe chipata chodzera. Upangiri wa loya wa ku London, laisensi ya pulogalamu, malo osungirako zinthu pa intaneti, mapulani a nyumba ojambulidwa ku Nairobi, zonsezi zimafika pa imelo basi. Wogulitsayo akakhala kuti sanalembetse ku MRA, sangatolere msonkho wa boma la Malawi. N'chifukwa chake lamulo la VAT linaika udindowo pa wolandira ntchitoyo. Ndinu amene muwerengere msonkhowo, muulembe, n'kuupereka, ngati kuti munadzigulitsa nokha ntchitoyo. Pa mainvoisi ena akunja mudzaona mawu akuti `reverse charge`, ndipo akunena zomwezi. Koma ngakhale mawuwo palibe, udindo ulipobe.

Ine lamuloli ndimaliona kuti ndi lachilungamo. Taganizirani mnyamata wa ku Area 25 amene amadziwa kuika pulogalamu yomweyo ndipo analembetsa VAT. Iye ayenera kuwonjezera msonkho pamtengo wake. Wa ku Johannesburg akanakhala kuti ntchito yake ikulowa yopanda msonkho, bwenzi wakwathuyu akuluza kasitomala pa chifukwa chomwe si chake.

Tsopano tiwerengere pa invoisi yanu. Ndigwiritsa ntchito 16.5 peresenti, mlingo womwe tinakhala nawo zaka zambiri, koma poti mlingo umasintha ndi bajeti, inu muike womwe unkagwira ntchito nthawi ya invoisiyo. Tiyerekezenso kuti dola inali pa K1,750. Madola 10,000 akhala K17,500,000, ndipo VAT yake ndi K2,887,500. Ndalama imeneyi simuitumiza ku Johannesburg, ndiponso simuichotsa pa malipiro awo. Ndi yoonjezera pamwamba, yochokera m'thumba la kampani yanu kupita ku MRA. Ritani ya VAT ya mwezi uliwonse imayenera kufika pasanadutse pa 25 mwezi wotsatira, ndipo masiku ano imadzera pa Msonkho Online.

Mbali yachiwiri ndiyo yotonthoza. Ngati ntchito yanu yosindikiza mumalipiritsa VAT, pulogalamuyo ndi chida cha bizinesi yokhoma msonkho. Choncho K2,887,500 ija muli ndi ufulu woibweza ngati VAT yomwe munalipira pogula, monga mumachitira ndi VAT ya inki ndi mapepala. Mukachita zonse m'nthawi yake, pamapeto pake kampani sitaya kanthu.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Amati, poti ndipereka n'kubwezanso, ndivutikiranji kulemba? Vuto ndi lakuti mbali ziwirizi sizilemera mofanana pamaso pa lamulo. Kupereka ndi udindo, ndipo ukauphonya pamabwera chilango ndi chiwongoladzanja kuyambira tsiku lomwe msonkhowo unayenera kuperekedwa. Kubweza ndi ufulu womwe umafuna umboni komanso uli ndi malire a nthawi. A MRA akadzakupezani patapita zaka, adzafuna msonkho wonse pamodzi ndi zilango zake, pomwe nthawi yanu yobwezera mwina idzakhala itatha kale. Chinthu chomwe chikanakhala chaulere chasanduka ngongole yeniyeni.

Ndipo kukupezani sikovuta. Ndalama zopita kunja zimadzera kubanki, ndi mapepala ake onse. Wofufuza mabuku amangotsegula leja yanu pa mizere ya upangiri, malaisensi ndi malipiro a kampani yaikulu yakunja, n'kufananitsa ndi maritani a miyezi imeneyo. Chizindikiro china chomwe chimaulula msanga ndi msonkho wa anthu osakhala m'dziko muno, uja wa 15 peresenti womwe umadulidwa pa malipiro ena opita kunja. Akaona kuti mwezi wakuti munadula umenewo koma VAT ya ntchito yakunja palibe, funso lakwana kale.

Misonkho iwiriyi musaisokoneze, Mayi. Wa 15 peresenti uja ndi msonkho wa phindu la wogulitsayo, umachotsedwa pa ndalama zake, ndipo mapangano a misonkho pakati pa Malawi ndi maiko ena, monga South Africa, atha kuusintha. VAT ndi yanu, ndipo mapanganowo saikhudza. Ngati pa invoisi yanu munadula 15 peresenti, yomwe ndi K2,625,000, n'kutumiza yotsalayo, VAT muwerengerabe pa K17,500,000 yonse. Mtengo wa ntchito sunatsike chifukwa choti gawo lina lapita ku MRA.

Amene msonkhowu umawaluma zenizeni ndi omwe malonda awo sakhoma VAT. Tengani sukulu yapulaiveti kapena chipatala. Maphunziro ndi chithandizo cha mankhwala salipiritsa VAT, choncho alibenso ufulu wobweza VAT ya zomwe agula. Sukulu ikagula pulogalamu yomweyo pa madola 10,000, mtengo wake weniweni ndi K20,387,500, ndipo K2,887,500 ija sibwereranso. Wosunga chuma wapasukulu akamafananitsa makotesheni, ayenera kuwonjezera VAT pa wakunjayo asanagamule kuti ndiye wotchipa. Zimandimvetsa chisoni kuona bodi ya sukulu itavomereza bajeti popanda ndalama imeneyi, kenako n'kumadzaifuna pa fizi ya ana. Palinso ena omwe ali pakatikati, monga mwini nyumba amene amachititsa lendi maofesi ku City Centre komanso nyumba zogona ku Area 47. Iyeyo amapereka msonkho wonse, koma amabweza gawo lokhalo lokhudza maofesi.

Kwa inu, chochita ndi ichi. Musayang'ane invoisi imodzi yokhayi. Tengani masitetimenti a kubanki ndi a khadi ya kampani, mutole malipiro onse opita kunja omwe sanali a katundu. Tindalama tating'ono ta mwezi ndi mwezi, ta imelo, ta kutsatsa malonda pa intaneti, ta mapulogalamu ojambulira, ndi tomwe timaiwalika kwambiri poti timadulidwa tokha pakhadi popanda munthu kusainira. Ngati ndalama yoikira makina inawerengedwa kale pamtengo wa katundu pakasitomu, imeneyo isiyeni, inakhoma kale. Pa zotsalazo lembani tsiku, ndalama yakunja, mtengo wosinthira ndi VAT yake, ndipo pa chilichonse mumangirire pamodzi invoisi, kontirakiti, pepala la kubanki ndi umboni wa kupereka msonkho, chifukwa mulibe invoisi ya VAT ya kuno yoti mudzaonetse pobweza. Mukatero, pitani ndi odita wanuyo ku ofesi ya MRA ya misonkho ya m'dziko kuno ku Lilongwe, mukadziulule nokha iwo asanabwere kudzafufuza.