Tsiku layandikira, webusaiti sinathe: kalata yopita kwa kasitomala

"Achimwene, ndine mnyamata wa ku Mufakose mu Harare, ndimapanga mawebusaiti pandekha. Ndinalonjeza amayi ena ogulitsa zitenje, a kumpingo kwathu, kuti webusaiti ya sitolo yawo idzayamba kugwira ntchito Lachisanu pa 14 Malichi. Lero ndi Lolemba pa 10 ndipo ndikuona kuti sizitheka. Gawo lolipirira pa EcoCash landidyera nthawi kuposa momwe ndinkaganizira, magetsi akuvuta, komanso iwowo sananditumizire zithunzi ndi mitengo ya zitenje 60. Anandipatsa kale theka la ndalama, madola 200. Ndilembe bwanji kuti ndisawakhumudwitse?"

Mng'ono wanga, lembani lero, dzuwa lisanalowe. Kalata yofika Lolemba imawapatsa amayiwo masiku anayi oti asinthe zomwe anakonza, pamene ya Lachisanu madzulo imangowauza zinthu zoti aziona kale okha. Inu simukudziwa zomwe amangirira pa tsiku limenelo. Mwina auza kale makasitomala awo pa WhatsApp, mwina katundu watsopano ali m'njira kuchokera ku Blantyre, wadutsa kale ku Tete, akuyembekeza kuti akamadutsa pa Nyamapanda webusaiti ikhale ili tayale.

Ine zinandichitikira zaka zapitazo. Ndinakhala chete mpaka tsiku lenilenilo poganiza kuti ndichezera usiku n'kumaliza. Nditapita kukapepesa, kasitomala wangayo, bambo wina, sanandikalipire. Anangotsegula kabati n'kutulutsa mtolo wa timapepala totsatsira malonda, tomangidwa ndi mphira, tsiku lija litasindikizidwa pansi ndi zilembo zofiira. Anawononga ndalama kusindikiza chinthu chimene ine ndinkadziwa kwa sabata yathunthu kuti sichichitika. Mtolo umene uja ndimaukumbukirabe.

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, pezani tsiku latsopano, chifukwa mtima wa kalatayi ndi tsikulo. Pepani sapoletsa chilonda. Ambirife tikachita manyazi timathamangira kunena kuti "sabata yamawa" kuti kasitomala amwetulire, kenako sabata yamawayo imafika tili pomwe paja. Kuphonya kamodzi munthu amakhululuka, koma mukaphonya tsiku limene munasankha nokha kachiwiri, mawu anu ayamba kupepuka, ndipo kumpingo nkhani siichedwa kuzungulira.

Tengani pepala, lembani ntchito iliyonse yotsala ndi masiku ake. Sindinaione ntchito yanu, koma tiyerekeze kuti zili motere: kumaliza gawo lolipirira, masiku atatu, kuika zitenje 60 ndi mitengo yake, kuchepetsa zithunzi kuti zisamadye bandulo ya ogula, masiku awiri, kuyesa pa mafoni osiyanasiyana, makamaka otsika mtengo omwe ogula ambiri ali nawo, masiku awiri. Onse pamodzi masiku 7. Onjezerani atatu a magetsi ndi zina zogwa mwadzidzidzi, akwane 10. Kuyambira Lachiwiri pa 11, osawerengera Loweruka ndi Lamlungu, tsiku la khumi likugwera Lolemba pa 24 Malichi.

Apa m'pamene anzathu ambiri amaimira, n'kulonjeza pa 24. Musatero. Amayiwo afunika masiku awiri oti aione okha n'kukuuzani kuti chitenje ichi mtengo walakwika, icho chinatha kale. Inunso mufunika masiku awiri okonza zomwe apeze. Ndiye pali nkhani ya domeni: mukasintha DNS kuti dzina la sitolo liloze ku seva yatsopano, pamatha kupita maola mpaka 48 kuti aliyense aziona tsamba latsopano. Nthawi zambiri sizifika pamenepo, koma polonjeza munthu werengerani maola onsewo. Ndipo musasinthe Lachisanu, chifukwa chikasokonekera Loweruka mudzasowa wokuthandizani. Sinthani Lolemba pa 31 Malichi, amayiwo alengeze kwa ogula Lachitatu pa 2 Epulo. Kuchoka pa 14 Malichi kufika pa 2 Epulo ndi masiku 19. Ndikudziwa kuti chiwerengero chimenecho chikukuopsani, koma ndi chimene mungachikwanitse, ndipo mukamaliza msanga palibe amene adzadandaule.

Pa gawo lolipiriralo, onetsetsani chinthu chimodzi musanatumize kalata. Ngati mukugwiritsa ntchito Paynow polumikiza webusaiti ndi EcoCash, monga ambiri kuno, mumayamba ndi kuyesera chabe popanda ndalama zenizeni, ndipo zoyeserazo zikayenda bwino m'pamene mumapempha kuti akutsegulireni zenizeni. Akaunti yolandirira ndalama iyenera kukhala m'dzina la amayiwo kapena la bizinesi yawo, osati lanu. Ngati sanalembetse, chimenecho chiloŵe pa zinthu zomwe mukuwapempha, chifukwa inu simungawachitire popanda mapepala awo.

Tsopano zifukwa zanu zitatu zija. Sizilemera mofanana, ndiye musaziunjike pamodzi. Ya magetsi ichotseni. Amayiwo amakhala mu Harare momwemuno, anaona mdima wa kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba, ndipo amadziwa kuti pamene munkalonjeza pa 14 vutoli linalipo kale. Mukalitchula, iwo amva kuti simunaliwerengere. Magetsi malo ake ndi pa pepala lanu lija, m'masiku atatu owonjezera.

Chifukwa chanu chenicheni, choti munapeputsa ntchito ya gawo lolipirira, chinenedwe poyamba, kamodzi, m'chiganizo chimodzi. Za zithunzi ndiye pofunika luso. N'zoona kuti achedwetsa, koma ndi akuluakulu, ndipo mukalemba kuti "inunso simunanditumizire", kalata yopepesa yasanduka mlandu. Musawaloze chala pa zakumbuyo. Ikani zithunzizo kutsogolo, ngati chinthu chimene tsiku latsopanolo latsamirapo. Adzamva okha, ndipo ulemu wawo ukhala wosakhudzidwa. Koma musazisiye osazitchula pofuna kuoneka aulemu, chifukwa zikapanda kubwera mudzaphonyanso pa 2 Epulo ndipo mlandu udzakhala wanu.

Ine ndikanalemba chonchi.

Mutu: Webusaiti ya sitolo: tsiku loyambira lasintha kufika pa 2 Epulo

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba.

Ndalemba kukudziwitsani kuti webusaiti siyamba kugwira ntchito Lachisanu pa 14 Malichi monga ndinalonjezera. Tsiku latsopano ndi Lachitatu pa 2 Epulo. Pepani kwambiri, makamaka ngati munali mutauza kale makasitomala anu.

Gawo loti ogula azilipira pa EcoCash latenga nthawi yaitali kuposa momwe ndinawerengera, ndipo kulakwitsa kumeneko ndi kwanga. Sindikufuna kulitsegula ndisanatsimikize kuti munthu akalipira, ndalama ikufika kwa inu ndipo oda yake ikuoneka.

Masamba onse a sitolo ndamaliza, ndipo mutha kuwaona pa linki yoyeserera yomwe ndaika m'munsimu. Ntchito yanga yotsala ndimaliza Lolemba pa 24 Malichi. Pa 25 ndi pa 26 mudzaiona n'kundiuza zoti ndisinthe, ndipo ndidzakonza pofika Lachisanu pa 28. Lolemba pa 31 ndidzailumikiza ku dzina la sitolo, kuti pa 2 Epulo mudzalengeze.

Kuti masiku amenewa atheke, ndikupempha zithunzi ndi mitengo ya zitenje 60 pofika Lachisanu lino pa 14. Zikachedwa, tsiku loyambira lidzasunthanso ndi masiku omwewo. Ngati nthawi yakuchepelani, nditha kubwera kusitolo Lachinayi m'mawa kudzajambula ndekha.

Mtengo sukusintha. Madola 200 otsalawo mudzapereke webusaiti ikayamba kugwira ntchito. Lachisanu lililonse ndizikutumizirani uthenga wa pomwe ndafika.

Zikomo chifukwa cha kuleza mtima kwanu.

Ine mwana wanu,
kenako dzina lanu.

Pamene ndalemba kuti masamba onse atha, inu mulembe zomwe zathadi. Amayiwo adzatsegula linkiyo, ndipo akapeza masamba opanda kanthu pomwe mwati mwamaliza, masiku onse mwatchulawo sawakhulupiriranso. Linkiyo ndi yofunika kwambiri kwa munthu amene anapereka madola 200 koma sanaonepo kalikonse. Nkhawa yake yaikulu, ngakhale sangakuuzeni, ndi yoti ndalama yapita. Akaona dzina la sitolo yake pa foni, mtima umakhala pansi. N'chifukwa chakenso ndaikamo chiganizo cha mtengo. Kasitomala akamva kuti ntchito yakula, amayamba kuganiza kuti mubwera ndi bilu ina, ndiye mutsekeni nkhawa imeneyo asanafunse.

Onaninso kuti tsiku latsopano lili pa mutu komanso m'ndime yachiwiri. Malonje ndi mwambo wathu, sitingawadumphe, koma mzere umodzi wakwana. Amayiwo adzawerenga ataimirira kuseri kwa kauntala, kasitomala akufunsa mtengo wa chitenje, ndipo sayenera kufika ndime yachisanu asanadziwe chimene chachitika. Mawu a ntchito yathu, za seva ndi DNS, asiyeni kunja. Munthu akamva mawu oti sakuwadziwa pa nthawi yoti mukupepesa, amaona ngati mukubisala kuseri kwake.

Mudzayesedwa kuti muchotsere mtengo pofuna kufewetsa mtima wawo. Pa kuchedwa koyamba, kumene mwakunena nthawi ilipo, ine sindichotsa. Madola 400 pa sitolo yokhala ndi gawo lolipirira si ndalama yambiri, ndipo wochotsa mtengo amagwira ntchito yotsalayo mtima uli kwina, akusaka ganyu wina woti akwirire dzenjelo. Kubwera kudzajambula zitenje kuli ndi phindu loposa, chifukwa kukuchotsa chinthu chenicheni chimene chaimitsa ntchito. Zikadziwika kuti amayiwo awonongadi ndalama chifukwa cha tsiku lija, monga kasitomala wanga wa timapepala uja, pamenepo kambiranani zowabwezera.

Popeza ndi amayi a kumpingo, imelo isakhale yoyamba kufika. Aimbireni foni kaye, muwauze ndi pakamwa panu mwachidule, kenako munene kuti mukutumiza kalata yokhala ndi masiku onse. Kwathu nkhani yovuta kuigwetsera munthu wamkulu pa foni ngati meseji chabe zimaoneka ngati mwano. Koma foni yokha siikwananso, chifukwa pakatha masabata awiri aliyense amakumbukira zake. Tumizani imeloyo, muikopenso pa WhatsApp pomwe amawerenga msanga, ndipo muwapemphe ayankhe ngakhale ndi liwu limodzi kuti agwirizana ndi pa 2 Epulo.

Akakwiya pa foni, asiyeni alankhule mpaka amalize, ndipo musafupikitse masiku pofuna kuwatonthoza. Akanena kuti pa 14 sipangasinthe chifukwa analengeza kale, pali njira yapakati imene mungawapatse: Lachisanu mutsegule tsamba limodzi lokhala ndi dzina la sitolo, zitenje khumi zomwe mungajambule Lachinayi, ndi batani lotumizira oda pa WhatsApp, kulipira kukhale monga amachitira kale. Mukasankha njira imeneyi, DNS muisinthe Lachitatu pa 12 kuti maola 48 aja akwane, ndipo muwauze poyera kuti tsamba limeneli likudyerani tsiku limodzi pa masiku atatu owonjezera aja.