Kodi ngongole ya kampani ingafike m'thumba mwa dayilekitala?

"Ine ndi achimwene anga ndife madayilekitala a kampani yogula chitowe ndi nandolo ku Ngabu. Chiyambire madzi osefukira sitinabwerere mwakale, ndipo tili ndi ngongole ku banki komanso kwa alimi. Achimwene akuti tizingotengabe mbewu pangongole chifukwa kampani ndi ya limitedi. Kodi ikagwa, angandigwire ine?"

Mayi, achimwene anu anena zoona mbali imodzi yokha. Kampani ya limitedi imasenza yokha ngongole zake, koma chitetezo chimenechi chili ndi malire, ndipo malirewo amafika pamene dayilekitala wadziwa, kapena anayenera kudziwa, kuti palibenso chiyembekezo chenicheni chopulumutsira kampaniyo. Kuyambira tsiku limenelo, lamulo limayembekezera kuti muziika patsogolo anthu amene kampani ili nawo ngongole. Kuno kwathu nkhani za makampani olephera kubweza ngongole zili mu Insolvency Act ya 2016, ndipo mfundo ya mlandu wopitiriza bizinesi pamene chiyembekezocho chatha ndi yofanana ndi ya gawo 214 la lamulo la ku England la 1986.

Mlanduwu sufuna kuti munthu akhale wakuba kapena wachinyengo. Munthu wamtima wabwino, amene ankangokhulupirira kuti chaka chamawa zinthu zikhala bwino, akhoza kugwamo. Khothi limafunsa zomwe dayilekitala wosamala akanaona pa udindo wanuwo, ndipo ngati muli ndi luso loposa pamenepo, monga kuwerengera ndalama, limakuyezerani pa luso lanulo. Kunena kuti munangolembetsa dzina ndipo zonse ankayendetsa ndi achimwene sikungakupulumutseni.

Mu 1989 khothi la ku England linaweruza mlandu wa kampani yoitanitsa zipatso ya Produce Marketing Consortium. Madayilekitala ake awiri anachedwa kukonza mabuku a ndalama, koma woweruza anawatenga ngati anthu odziwa zonse zimene mabukuwo akanaonetsa akanakonzedwa pa nthawi yake, ndipo anawalamula kulipira mapaundi 75,000 a m'thumba mwawo.

Ndipereke chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti mu Epulo katundu yense wa kampani, kuphatikizapo lole, sikelo ndi matumba a m'nkhokwe, atagulitsidwa angabweretse K45 miliyoni, pamene ngongole ndi K60 miliyoni. Zosowa ndi K15 miliyoni. Banki yakana kuwonjezera ndalama, wogula wanu wamkulu wa ku Blantyre wasiya, ndipo palibe amene walonjeza molemba kuti aikamo ndalama. Inu mwapitirizabe kutenga chitowe kwa alimi a ku Bangula ndi ku Nchalo powalonjeza kuti mudzawalipira mukagulitsa, koma ndalama zogulitsazo zikuthera ku malipiro ndi chiwongoladzanja. Pofika Okutobala kampani yatsekedwa, zosowa zafika K40 miliyoni. Munthu wosankhidwa kuthetsa kampaniyo akhoza kupempha khothi kuti inu awiri mulipire, ndipo muyezo umene makhothi a ku England amatsatira ndi kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi, K25 miliyoni, chifukwa ndiko kutayika kumene kupitiriza kwanu kwawonjezera. Ndalamazo zimalowa m'thumba la kampani kuti zigawidwe kwa eni ngongole. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti K25 miliyoni imeneyo ndi thukuta la alimi amene nawonso madzi anawakokolera minda.

Kukhala ndi ngongole yoposa katundu pakokha si mlandu, ndipo si kuti mutseke mawa. Ngati pali pangano lolembedwa la wogula, ndipo masamu akuonetsa kuti mbewu zimene muli nazo zichepetsa ngongole, kupitiriza kukhoza kukhala kolondola. Chofunika ndi umboni. Sabata ino itanani akauntanti alembe ngongole zonse ndi ndalama zimene zilowe ndi kutuluka m'miyezi itatu ikubwerayi, kenako mukhale pansi ndi achimwene, mulembe zimene mwagwirizana ndi zifukwa zake, ndipo ngati simukuvomereza, kukana kwanu kulembedwe ndi tsiku lake. Chitetezo chimene lamulo limapereka ndi kuonetsa kuti munachita chilichonse chotheka kuti eni ngongole asataye zambiri. Choncho gulani mbewu ndi ndalama zapamanja zokha, ndipo musathamangire kubweza ngongole za abale kapena kusamutsira lole m'dzina la munthu wina, chifukwa khothi likhoza kuzibweza zimenezo. Kutula pansi udindo nakonso sikufafaniza zimene zachitika kale.

Funsani loya za njira yokonzanso kampani imene ili m'lamulo la 2016, pamene pakadali chopulumutsa. Mumutengerenso mapepala a ku banki, chifukwa ngati munasainira kuti kampani ikalephera mudzabweza ndinu, kapena munapereka nyumba yanu ngati chikole, banki idzafika kwa inu popanda kudikira mlandu umene ndafotokozawu.