Shuga watha ku Mabvuku, ku Highfield ali mbwee

"Achimwene, ndili ndi magolosale ku Mabvuku, ku Highfield ndi ku Epworth. Kwina shuga amatha, kwina amangokhala mpaka kuuma. Ndingadziwe bwanji nthawi yosamutsa katundu?" Watero mayi wina wa ku Tafara, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe.

Mayi, mukalandira malipoti madzulo musamangofunsa kuti kwatsala mabelo angati. Funsani kuti otsalawo atha pa masiku angati. Gawani katundu wotsala ndi amene shopuyo imagulitsa pa tsiku.

Tinene kuti ku Mabvuku kwatsala mabelo 12 ndipo amagulitsa 4 pa tsiku. Amenewo ndi masiku 3 basi. Ku Highfield kuli mabelo 30, amagulitsa 2 pa tsiku, ndiye masiku 15. Galimoto ya ku holoselo ibwera pakatha masiku 7, koma ine ndimawonjezapo masiku 2 chifukwa kuchedwa sikusowa. Pa masiku 9 amenewo Highfield ikufunika mabelo 18, ndiye omwe ingapereke ndi 12 okha. Musapitirire pamenepo ngakhale mnyamata wa ku Mabvuku adandaule chotani, mungakwirire dzenje lina pokumba lina. Mabvuku ikhala ndi mabelo 24, okwana masiku 6, ndipo kuperewera kotsalako imbirani a holoselo afulumire.

Kenako onani za mayendedwe, poti Mabvuku ili kum'mawa, Highfield kumwera chakumadzulo, ndipo galimoto idutsa mzinda wonse. Ngati belo limakupatsani phindu la madola 2, mabelo 12 ndi madola 24. Galimoto ya madola 10 ilipirika. Akanakhala mabelo 4, mukanangotaya ndalama. Amenewo adikire ulendo wokatenga zinthu zina.

Pali msampha umene unandigwira ineyo kwa miyezi ingapo. Ndinkagawa zogulitsa za mwezi ndi masiku 30, kuiwala kuti masiku 10 shelefu inali mbee. Mabelo 80 pa masiku 30 amaoneka ngati osakwana 3 pa tsiku, chonsecho pa masiku 20 amene shuga analipo ankatuluka 4. Shopu yogulitsa kwambiri ndiyo inkaoneka yaulesi, ine n'kumaipatsa katundu wochepa. Werengani masiku okhawo amene katundu analipo.

Tsono pepala. Belo lisatuluke popanda kalata yosamutsira katundu, makope atatu: la wotumiza, la dalaivala ndi la wolandira. M'buku lanu katunduyo mumulembe kuti "ali panjira", asakhale wa shopu iliyonse mpaka wolandira atawerenga yekha, dalaivala ali pomwepo, n'kusaina. Ine ndinatayapo mabelo 2 a shuga chifukwa tinkangouzana pa WhatsApp, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ndinakayikira anyamata awiri popanda umboni. Kalata iliyonse ikhale ndi nambala yake, ndipo imene yagona "panjira" mpaka m'mawa muifunse musanatsegule shopu.