Musangodula n'kumata, ine zinandiwotcha

"Anzanga, ndili ndi lipoti la wodwala limene ndinalemba ngati nkhani imodzi, masamba anayi opanda mitu. Magazini ya zachipatala imene ndikufuna kutumizako ikufuna zigawo zakezake. Ndingodula ndime n'kumata pansi pa mitu, kapena ndiyambirenso?"

Achemwali, chonde musangodula n'kumata. Ine ndinachita zimenezo ndipo ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

Wodwala wanga anali mayi wazaka za m'ma 30, anabwera atafooka kwa miyezi itatu, akusanza, atawonda, khungu litada komanso ali ndi madontho akuda m'kamwa. Tsiku logonekedwa sodiyamu anali 118 mmol/L, pomwe woyenera ndi 135 mpaka 145, potaziyamu ali 6.1. Tinapeza kuti chifuwa chachikulu chinawononga tiziwalo tija ta pamwamba pa impso, thupi silimapanganso kotizolo wokwanira. Tinamuyambitsa haidrokotizoni, anachira ndithu mpaka kuyamba kuyenda yekha. Kenako tinayamba mankhwala a chifuwa chachikulu, ndipo patatha masiku khumi anagwanso. Chifukwa chake n'chakuti rifampisini, mmodzi mwa mankhwalawo, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya haidrokotizoni, ndiye mlingo umene unkakwanira poyamba unachepa. Titaukweza anadzukanso. Phunziro la lipoti lonse linali limenelo basi.

Ndinalemba bwinobwino ngati nkhani, n'kupereka kwa a dokotala aakulu amene ankatiyang'anira. Anakhala nalo miyezi inayi osatsegula n'komwe. Nditawakumbutsa kachisanu anandiyankha ali chiimire pakhonde kuti, "Ikani mitu, mudule mumate, mutumize Lachisanu, dzina langa likhale koyamba." Pa za chilolezo cha wodwala anati fomu imene anasaina pogonekedwa ndi yokwanira. Ndinawakhulupirira, poti akulu ndi akulu.

Kalata ya mkonzi inabwera usiku ndili pa ntchito. Ndinaiwerenga pafoni nditatsamira khoma la kuchipinda chosungira mankhwala, manja akunjenjemera. Woyamba kuwunika anafunsa kuti wodwalayu anagwanso liti, nanga rifampisini anayamba tsiku liti, poti mu Case Presentation mulibe. Ndinati sizoona, ndinalemba ndine. Kutsegula fayilo, zoonadi. Ndime yonena za kugwa kwachiwiri ndinaiponya yonse ku Discussion, chifukwa munali chiganizo chimodzi chofotokoza za chiwindi chija. Ndiye kugawo lofotokoza wodwala, mayi uja anachira n'kupita kwawo, chinthu chenicheni chimene ndinalembera lipoti mulibe. Wachiwiri anaona kuti mu Abstract sodiyamu wa pogonekedwa ndinalemba 121, m'kati 118. Uja wa 121 anali wa tsiku lachitatu, atalandira kale madzi a m'diripi. Manambala a zolemba za ena zimene ndinatchula anasokonekeranso, 7 kubwera 3 asanatchulidwe, poti magazini imeneyo imafuna manambala aziyenda motsatira m'mene zikuonekera m'nkhani, ndipo ine ndinasuntha ndime osawakonza. Pomaliza mkonzi mwiniwake anati popanda chilolezo cholemba chovomera kuti nkhani ifalitsidwe, sangapitirize. Kuvomera chithandizo ndi kwina, kuvomera kuti nkhani yako ndi chithunzi cha m'kamwa mwako ziwerengedwe ndi anthu osawadziwa ndi kwinanso. Ndinatha miyezi iwiri ndikufunafuna mayi uja. Abwana aja nditawaonetsa kalatayo anangoti, "Munathamanga nazo." Ine! Amene anati Lachisanu ndani? Mpaka lero sanapepese, ndipo sanawerengepo ngakhale tsamba limodzi la lipoti limene ankafuna kuti dzina lawo litsogole.

Ndiye chitani chonchi. Musayambe ndi zolemba zanuzo, yambani ndi fayilo ya wodwala. Jambulani tebulo la mizati itatu: tsiku, zimene zinapezeka, zimene zinachitidwa. Tsiku logonekedwa likhale tsiku 1, ena onse muwerengere pamenepo, osalemba madeti enieni chifukwa amathandiza munthu kuzindikira wodwala. Nambala iliyonse muikope kuchokera papepala la kulabu, osati m'mutu. Tebulo langa linaonetsa poyera: tsiku 1 sodiyamu 118 ndi kuyamba haidrokotizoni, tsiku 9 kuyamba rifampisini, tsiku 19 kugwanso, tsiku 20 kukweza mlingo. Munthu akangoona mizere inayi imeneyi wamva kale nkhani yonse. Tebuloli mudzaliikanso m'lipoti, poti malangizo a CARE olembera malipoti a odwala, amene anatuluka mu 2013 ndipo ali ndi mfundo 13, amafuna ndondomeko ya masiku ngati imeneyi. Magazini ambiri amapempha kuti mutumize mndandanda wa mfundozo mutachonga.

Mukatero tengani masamba anu anayi aja muwasindikize, mupite chiganizo ndi chiganizo, osati ndime ndi ndime. Apa ndi pamene ndinaphonya ine. Pa chiganizo chilichonse dzifunseni kuti, ichi ndinachiona kapena kuchichita pa wodwalayu, kapena ndi maganizo anga, kapena ndinawerenga kwa ena? Zoona ndi zochita zonse zipite ku Case Presentation, motsatira masiku: chimene anabwera nacho, mbiri yake, zimene munapeza pomupima, zoyeza, matenda ena amene munawaganizira ndi chimene chinakuchititsani kuwasiya, mankhwala ndi mlingo wake ndi njira yoperekera, kenako m'mene anathera ndi nthawi imene munamutsatira. Paliponse pamene mwalemba "mwina", "izi zikusonyeza kuti" kapena "chifukwa chake", kawirikawiri ndi za ku Discussion. Chiganizo chikanyamula zonse ziwiri chiduleni pakati. Changa chinakhala ziwiri: china chonena kuti tsiku 19 anayambanso kusanza ndipo kuthamanga kwa magazi kunatsika, china chonena za rifampisini ndi chiwindi. Ndipo musaulule matendawo pamzere woyamba wa nkhani ya wodwala, wowerenga ayende nanu m'mene munayendera pofufuza.

Introduction isakutayitseni nthawi, ndime imodzi kapena ziwiri zonena chodziwika kale ndi chimene chikupangitsa wodwala wanu kukhala wosiyana. Abstract mulembe pomalizira penipeni, manambala mukutenga patebulo lija. Mutu ukhale ndi dzina la matenda ndi mawu akuti case report, mawu ofufuzira akhale awiri mpaka asanu. Musaiwale kandime ka maganizo a wodwala mwiniwake ngati n'kotheka. Mayi wanga nditamupeza anandiuza kuti chimene chinamuopsa kwambiri si kusanza ayi, koma kuona nkhope yake ikuda pagalasi, ndipo mawu amenewo analowa m'lipoti ndi chilolezo chake.

Chilolezocho mukafune mawa lomwe, musanakonze ndi chiganizo chimodzi chomwe. Onaninso malire a mawu ndi chiwerengero cha zithunzi patsamba la malangizo a olemba la magazini imene mwasankha, chifukwa amasiyana, ena amafuna mitu yawo ndendende m'mene anailembera.

Kuyambiranso zonse ayi, zambiri mwa ziganizo zanu n'zabwino kale, mudzadula ndi kumata ndithu koma mutazisankhula kaye. Ndipo mukamaliza musatumize nokha. Perekani kwa akulu amene anaona wodwalayo nanu awerenge, ngakhale atenge sabata zingapo, amaona zimene ife sitiona. Koma za dzina lotsogola mugwirizane lero, pa uthenga wolemba, ndipo muusunge.